Wotchi Yowerenga Kugunda kwa Mtima: Yoyenera Okalamba ndi Yotani?

Mkulu wina wa ku Golomoti, wa zaka 72, analandira wotchi yamakono kuchokera kwa mwana wake amene ali ku Joni. Tsiku lina akulima, wotchiyo inaonetsa 140, ndipo banja lonse linagwidwa ndi mantha. Atakhala pamthunzi mphindi zisanu, mdzukulu wawo anaika zala ziwiri pamtsempha wa padzanja, nawerenga kugunda 38 pa theka la mphindi, ndiko kuti 76 pa mphindi. Wotchi nayo inali itatsikira pa 78.

Mawotchi otere samva mtima monga amachitira dokotala. Kunsi kwake kuli kanyali kobiriwira kamene kamaunika khungu ndi kuona kuchuluka kwa magazi mtima ukagunda. Lamba akakhwepa, thukuta likachuluka monga m'chilimwe cha kuchigwa kuno, kapena mkono ukamagwedezeka ndi khasu, kanyaliko kamasokonezeka. Chifukwa chake chinthu choyamba posankha ndi lamba. Dzanja la munthu wokalamba kawirikawiri limakhala lowonda, ndipo chiwotchi chachikulu chimangozungulira. Kalamba kopepuka, kogwira bwino pamwamba pang'ono pa kafupa ka padzanja, kamawerenga molondola kuposa wotchi yodula yosagwira. Manambala ake akhale aakulu, ooneka popanda mandala.

Chachiwiri ndi batire. Apple Watch imafuna moto pafupifupi tsiku lililonse, ndiponso imagwira ntchito ndi iPhone yokha. Malamba a Xiaomi kapena Huawei amatha sabata kapena kuposerapo. Pakhomo podalira kasola, kusiyanaku n'kwakukulu, pakuti wotchi yogona pamoto usiku singayese tulo ta mwini wake.

Za tulozo wotchi imangoyerekeza, poona kugwedezeka kwa mkono ndi kugunda kwa mtima. Mkulu uja akagona phee pamphasa kumvetsera wailesi, wotchi imalemba kuti ali m'tulo. Chothandiza ndicho kuyang'ana masabata awiri pamodzi, osati usiku umodzi.

Munthu wamkulu akamapuma, mtima wake umagunda kuyambira 60 mpaka 100 pa mphindi, ngakhale mankhwala ena a BP, monga atenololo, amauchedwetsa. Ngati zala zitsimikiza kuti ukupitirira 100 munthu ali chikhalire, kapena ukudumphadumpha mosalongosoka, wodwala aperekezedwe ku chipatala cha Mua Mishoni kapena china chapafupi, pakuti kugunda kosokonekera kumatha kuundanitsa magazi ndi kubweretsa sitiroko. Kupweteka pachifuwa, befu kapena kukomoka sizidikira wotchi.

Mawotchi otchipa a pamsika amene amati amayesanso BP ndi shuga asakhulupiriridwe konse. BP imayesedwa ndi lamba wopopa wa pamkono, shuga ndi kadontho ka magazi, ndipo mankhwala asasinthidwe chifukwa cha nambala ya pawotchi.