Chiwongoladzanja chiwerengedwe pa ngongole yotsala

Munthu akamatenga ngongole ku banki kapena ku SACCO, funso lake limakhala limodzi: ndizibweza zingati pamwezi? Akangouzidwa, amasayina n'kumapita. Koma ndalama ya pamweziyo ili ndi magawo awiri, chiwongoladzanja ndi gawo lodula ngongole yeniyeni, ndipo magawowa amasintha mwezi uliwonse. Chimene chimaonetsa kusinthaku ndi tebulo la kabwezedwe, lomwe aliyense angathe kulemba ngakhale m'kope la sukulu.

Tiyerekeze kuti mayi wogulitsa kaunjika wakongola K500,000 yoti abweze m'miyezi 6, pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pamwezi. Tebulo lake lifunika mzere umodzi pa mwezi uliwonse ndi madanga asanu: mwezi, ndalama yobweza, chiwongoladzanja, gawo lodula ngongole, ndi ngongole yotsala.

Chovuta ndi chimodzi chokha, kupeza ndalama yofanana mwezi ndi mwezi imene idzathetse ngongoleyo ndendende pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets, ngakhale pafoni, alembe izi:

```
=PMT(3%,6,-500000)
```

Yankho ndi K92,298.75, ndipo ife tingoti K92,299.

Zotsalazo n'zophweka. Mwezi woyamba mayiyu ali ndi ngongole yonse, choncho chiwongoladzanja ndi 3 peresenti ya K500,000, yomwe ndi K15,000. Tikachotsa ndalamayi pa K92,299 patsala K77,299, ndipo iyi yokha ndi imene yadula ngongole. Ngongole yatsika kufika pa K422,701. Mwezi wachiwiri 3 peresenti ija sitiiwerengeranso pa K500,000 ayi, koma pa K422,701, n'chifukwa chake chiwongoladzanja chatsika kufika pa K12,681. Timabwereza zomwezo mpaka kumapeto.

| Mwezi | Yobweza | Chiwongoladzanja | Yodula ngongole | Yotsala |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 92,299 | 15,000 | 77,299 | 422,701 |
| 2 | 92,299 | 12,681 | 79,618 | 343,083 |
| 3 | 92,299 | 10,292 | 82,007 | 261,076 |
| 4 | 92,299 | 7,832 | 84,467 | 176,609 |
| 5 | 92,299 | 5,298 | 87,001 | 89,608 |
| 6 | 92,296 | 2,688 | 89,608 | 0 |

Mwezi womaliza wachepa ndi K3. Si kulakwitsa kumeneko. Poti tinkataya matambala panjira, mzere womaliza umangotenga ngongole yonse yotsala n'kuphatikizapo chiwongoladzanja chake.

Tebulo lolondola limadziwika ndi zinthu ziwiri. Danga la ngongole yotsala liyenera kuthera pa ziro, ndipo mukaphatikiza danga lodula ngongole muyenera kupeza K500,000 yeniyeni ija. Zikakanika, kawirikawiri vuto limakhala pa peresenti. Mabanki amatchula chiwongoladzanja cha pachaka, ndiye wina amatenga 36 peresenti n'kuiika pamwezi osaigawa ndi 12. Mudzazindikira msanga, chifukwa chiwongoladzanja cha mwezi woyamba chidzakhala K180,000, kuposa ndalama imene mukubweza, ndipo ngongole idzayamba kukula m'malo mochepa.

Chiwongoladzanja chonse pa tebuloli chakwana K53,791. Koma alipo obwereketsa ena amene amawerengera peresenti pa ndalama yoyamba ija mwezi uliwonse, ngati kuti simunabwezepo kanthu. Kwa iwo ndi K15,000 kasanu ndi kamodzi, kutanthauza K90,000. Onse awiri akunena "3 peresenti pamwezi", ngongole ndi yomweyo, miyezi ndi yomweyo, koma mayi uja walipira K36,209 yowonjezera, ndalama yoti ikanathandiza pa mpamba. Kwa ine, wobwereketsa amene akuzengereza kukupatsani tebulo musanasayine ndi wofunika kumufunsa kawiri. Mukalilandira, yang'anani danga la chiwongoladzanja. Ngati nambala yake ndi imodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, dziwani kuti akuwerengera pa ndalama yoyamba.

Tebulo limathandizanso geni ikayenda bwino, munthu n'kufuna kumaliza ngongole msanga. Mayi uja akabweza mwezi wachitatu, ambiri angaganize kuti atsala ndi miyezi itatu ya K92,299, pafupifupi K277,000. Tebulo likuti ngongole yake ndi K261,076 basi. Kusiyanako, pafupifupi K15,820, ndi chiwongoladzanja cha miyezi imene sinafike. Komabe ena amalipiritsa chindapusa munthu akabweza nthawi isanakwane, ndipo ndalama yokonzera mapepala kapena ya inshulansi nthawi zina amaidula ngongole isanafike m'manja mwanu. Zimenezi sizioneka m'madanga asanu aja, choncho muzifufuze mu mgwirizano n'kuzilemba pansi pa tebulo, pamodzi ndi tsiku limene ndalama ya mwezi uliwonse iyenera kulowa.