Kodi mumadziwa? Manotsi a masamba 8 akhoza kukwana pa tsamba limodzi

Kodi mumadziwa kuti pepala la A4 ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali basi? Malowa ndi ochepa ndithu, koma mutu umodzi wa Bayoloje umakwanapo, bola mudziwe chosunga ndi chotaya. Tiyeni titenge mutu wa fotosinthesisi, njira imene zomera zimapangira chakudya chake. Tiyerekeze kuti mutuwu wadya masamba 8 m'kope mwanu. Zina aphunzitsi analemba pa bolodi, zina anangonena pakamwa belu litatsala pang'ono kulira, ndipo zina anabwerera nazo patapita sabata atakumbukira kuti anadumpha. Tanthauzo lili pa tsamba loyamba, fomula yake ili pa tsamba lachisanu, ndipo pakati pake pali mivi yoloza uku ndi uku. Aphunzitsi sanalakwe ayi. Munthu akamaphunzitsa amatsata mafunso a m'kalasi ndi nthawi imene ali nayo. Kusanja zimenezi kuti zikhale zowerengeka nthawi ya mayeso ndi ntchito yanu.

Kodi mumadziwa kuti ntchitoyi siyambira m'kope? Imayambira mu silabasi ndi m'mapepala a mayeso akale. M'Malawi muno silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, pomwe mayeso a JCE ndi MSCE amayendetsedwa ndi MANEB. Silabasi imanena zimene wophunzira ayenera kukwanitsa akamaliza mutu, ndipo mapepala akale amaonetsa mmene zimenezo zimafunsidwira. Mukaziona ziwirizi, tengani pensulo muwerenge manotsi onse kamodzi osakopera kanthu. Chongani mfundo imene ikuyankha zomwe silabasi ikufuna. Dulani mzere pa zobwerezabwereza. Pamene simukumva, kapena pamene chiganizo chinathera panjira, ikani chizindikiro cha funso. Kuli ngati kusankha nyemba pa lichero: simuthira mumphika musanachotse miyala.

Kodi mumadziwa kuti manotsi okopera mothamanga amatha kusunga bodza chaka chonse? Pa mutu wathuwu pali mabodza awiri otchuka. Loyamba ndi lakuti gawo la fotosinthesisi lotchedwa "la mdima" limachitika usiku. Zoona zake n'zakuti gawoli silifuna kuwala mwachindunji, koma limadalira zinthu zimene gawo la kuwala langopanga kumene, choncho limachitika masana omwewo. Lachiwiri ndi lakuti mpweya wa okosijeni umene tsamba limatulutsa umachokera ku kaboni dayokisaidi. Ayi, umachokera ku madzi, ndipo Samuel Ruben ndi Martin Kamen pamodzi ndi anzawo anatsimikiza zimenezi mu 1941. N'chifukwa chake malo onse amene mwaika chizindikiro cha funso muyenera kuwatsimikiza m'buku, kapena kupita nawo kwa aphunzitsi, musanalembe kalikonse pa pepala lanu. Bodza likalowa pa tsamba limodzi lija ndiye laopsa kwambiri, chifukwa tsambalo mudzaliwerenga kambirimbiri mpaka kuliloweza.

Kodi mumadziwa kuti mutu wa munthu sugwira zinthu zambiri zatsopano nthawi imodzi? Mu 1956 George Miller analemba kuti timagwira zinthu pafupifupi 7, ndipo mu 2001 Nelson Cowan anati chiwerengero chenicheni chili pafupi ndi 4. Choncho mfundo zimene mwachonga zija muziike m'magulu anayi kapena asanu. Pa fotosinthesisi magulu ake ndi awa: tanthauzo ndi fomula, magawo awiri ndi malo ochitikira, zinthu zimene zimachepetsa liwiro lake, ndiponso kayesedwe ka sitachi m'tsamba. Mukaona kuti magulu akufika 9 kapena 10, ndiye kuti mwaphatikiza mitu iwiri. Igaweni, uliwonse ukhale ndi pepala lake.

Kodi mumadziwa kuti kajambulidwe ka tsamba kotchuka kwambiri kanachokera ku yunivesite ya Cornell ku America? Anakayambitsa ndi Walter Pauk, ndipo anakafotokoza m'buku lake lotchedwa How to Study in College, limene linatuluka koyamba mu 1962. Mumafunika rula ndi cholembera basi. Jambulani mzere wotsika pa mtunda wa masentimita 6 kuchokera kumanzere, kenako wina wopingasa pa mtunda wa masentimita 5 kuchokera pansi. Kumanzere kumakhala mafunso. Kumanja, komwe kuli malo aakulu, kumakhala mayankho. Pansi pamakhala ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena mutu wonse m'mawu anuanu.

Tiyeni tidzaze tsamba lathu. Kumanzere mulembe kuti: Chomera chimafuna chiyani, ndipo chimatulutsa chiyani? Kumanja simukufunika ndime yonse imene aphunzitsi analembetsa, fomula yokha ikukwana:

6CO₂ + 6H₂O → C₆H₁₂O₆ + 6O₂

Pamwamba pa muviwo mulembe "kuwala", pansi pake "kulorofilo". Mwamaliza gulu loyamba m'mizere iwiri.

Funso lachiwiri: Magawo awiriwa akusiyana bwanji? Apa jambulani tebulo laling'ono, chifukwa zinthu ziwiri zofananitsa zimaoneka bwino zikayandikana. Gawo la kuwala limachitikira mu girana, kuwala kumaphwanya madzi, okosijeni amatuluka. Gawo linalo limachitikira mu sitiroma, kaboni dayokisaidi amalowa, shuga amapangidwa. Funso lachitatu: N'chiyani chimachepetsa liwiro? Kuwala, kaboni dayokisaidi ndi kutentha. Kagirafu kamodzi, kokwera kenako n'kugona, kamanena zonse za kuwala: liwiro limakwera mpaka pamene chinthu china chayamba kuperewera. Girafu ya kutentha ndi yosiyana, ndipo musaisokoneze ndi inzake. Iyo imakwera kenako n'kugwa, popeza kutentha kukanyanya maenzaimu amawonongeka.

Gulu lachinayi ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ophunzira ambiri amafupikitsa molakwika pomwepa. Amalemba kuti "wiritsa, ethanolo, tsuka, ayodini", n'kuganiza kuti atha. Mawu anayiwa ndi oona, koma funso la mayeso kawirikawiri limafuna chifukwa cha sitepe iliyonse. Tsono sitepe iliyonse iyende ndi chifukwa chake pa mzere womwewo. Chomera chikhale mumdima maola 48 kuti sitachi wakale athe, kenako chiikidwe padzuwa kwa maola angapo. Tsamba liviikidwe m'madzi owira kuti maselo afe ndipo mankhwala athe kulowa. Liwiritsidwe mu ethanolo kuti kulorofilo achoke ndipo mtundu wa ayodini udzaoneke bwino. Chubu cha ethanolo chiikidwe m'madzi otentha, osati pamoto, chifukwa ethanolo amayaka msanga, ndiponso amawira pa madigiri 78 pomwe madzi amawira pa 100. Tsamba litsukidwe m'madzi ofunda kuti lifewe, popeza ethanolo amaliumitsa. Pomaliza mudonthezepo ayodini: pamene pali sitachi pamasanduka pabuluu wakuda, pamene palibe pamakhala pabulawuni. Ndi mizere 6 yokha imeneyo, koma zifukwa zonse zilimo. Pofupikitsa, tayani nkhani zokometsera ndi zitsanzo zobwereza. Mawu oti "chifukwa" musawataye.

Chinanso chaching'ono. Mayeso a Bayoloje amalembedwa m'Chingerezi, choncho mayina a sayansi muwalembe ndendende mmene alili m'buku, chilembo ndi chilembo. Koma ngati kufotokoza chifukwa m'Chichewa pambali kukuthandizani kumvetsa, chitani zimenezo popanda manyazi.

Kodi mumadziwa kuti kulemba mwachidule pakokha sikuthandiza kwenikweni? Izi zingakudabwitseni, koma ndiyenera kuzinena. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anayi anaunika njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito. Kufupikitsa, kudula mizere pansi pa mawu ndi kuwerenga mobwerezabwereza anaziika m'gulu la njira zopindulitsa pang'ono. Ziwiri zokha n'zimene zinakhala pamwamba: kudziyesa wekha ndi mafunso, ndi kugawa kuwerenga m'masiku otalikirana. N'chifukwa chake danga la kumanzere lija ndilo mtima wa tsamba lonse. Tsamba lopanda mafunso ndi manotsi omwe aja, angochepa msinkhu.

Kodi mumadziwa kuti njira imene imaoneka yabwino lero ikhoza kukugwiritsani mwala sabata yamawa? Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira a pa yunivesite nkhani zazifupi kuti awerenge. Nkhani ina ankaiwerenganso kachiwiri, ina ankaitseka n'kulemba zonse zimene akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi 5, kuwerenga kawiri kunapambana, ndi mfundo 81 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi 75. Koma patapita sabata zinatembenuka: kuwerenga kawiri kunasiya mfundo 42 pa 100, pomwe kudzikumbutsa kunasiya 56. Choncho mukamaliza tsamba lanu, pindani pepalalo potsata mzere wotsika uja kuti mayankho abisike. Werengani funso, yankhani mokweza kapena pa pepala lina, kenako tsegulani muone. Funso limene lakuvutani muliike kadontho, ndipo ulendo wotsatira muyambire pa madontho.

Kodi mumadziwa kuti kuiwala kumathamanga kwambiri poyambirira? Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa zimenezi mu 1885: zambiri zimatayika m'maola ndi masiku oyambirira, kenako liwiro la kuiwala limachepa. Tsamba lanu mulikonze sabata yomweyo imene mutu watha, mukadakumbukira chimene muvi uliwonse m'kope ukutanthauza. Mudziyese mawa lake, kenako pakapita masiku atatu, sabata, ndi mwezi. Ulendo uliwonse mphindi 10 zikukwana.

Nanga mungadziwe bwanji kuti tsamba lanu silinakonzeke bwino? Ngati mwalemba tizilembo ting'onoting'ono mpaka m'mphepete, ndiye kuti simunasankhe, mwangopanikiza. Ngati pakapita sabata mukufunika kutsegula kope kuti mumve chimene munalemba, ndiye kuti munadula kwambiri. Ndipo ngati mwangokopera tsamba la mnzanu, mwataya phindu lalikulu, chifukwa kumvetsa kumabwera pa nthawi yosankha ndi yosanja ija. Dziwaninso kuti njirayi ili ndi malire ake. Pa Masamu, tsamba lingasunge mafomula ndi chitsanzo chimodzi chowerengetsera, koma silingalowe m'malo mosova mafunso ambiri. Pa mabuku a Chichewa, silingalowe m'malo mowerenga buku lenilenilo.

Muyeso wotsiriza ndi pepala la mayeso akale. Tengani funso limodzi la fotosinthesisi, muliyankhe kope ndi tsamba zili zotseka, kenako mufananitse yankho lanu ndi tsambalo. Mfundo imene funso likufuna koma pa tsamba palibe, muiwonjezere tsiku lomwelo ndi cholembera cha mtundu wina, ndipo kope lija mulisunge, musalitaye.