Intaneti ikamachedwa aliyense ali phee

Intaneti ya pakhomo kapena ya mu ofesi yaing'ono imakhala ndi njira ziwiri zosiyana kukula: yobweretsa zinthu ndi yotumiza. Makampani amakuza yobweretsa, poti anthu ambiri amangoonera mavidiyo ndi kuwerenga nkhani, yotumiza n'kuisiya yopapatiza. Pa mawaya a ADSL njira yotumizayi imakhala pafupifupi megabiti imodzi pa sekondi, ndipo netiweki ya foni ikafooka nayo imatsika kufika pomwepo.

Kanjira kameneka n'kosavuta kudzaza. Munthu wabwera kuchokera ku ukwati ndi zithunzi 200 m'foni, chilichonse cha mamegabaiti atatu. Foniyo ikangogwira waifai, Google Photos kapena iCloud imayamba kutumiza zithunzizo kuti zikasungidwe, mwiniwake osafunsidwa, chifukwa anavomera kale tsiku limene ankatchera foni. Megabaiti imodzi ndi mamegabiti 8, choncho chithunzi chimodzi chimatenga masekondi 24, ndipo zonse pamodzi zimatha ola limodzi ndi mphindi 20. Nthawi zambiri foni imaona ngati waifai ndi waulere, ngakhale wochokera pa kachipangizo ka MiFi kodalira bandulo.

Kompyuta nayo ili ndi khalidwe lake. Kuyambira pa Windows 10, imene inatuluka mu 2015, muli gawo lotchedwa Delivery Optimization. Kompyuta ikalandira zokonza mapulogalamu ake, gawoli likaloledwa limazigawirako makompyuta ena, ngakhale a anthu osawadziwa pa intaneti.

Chodabwitsa n'chakuti njira yotumiza ikadzaza, yobweretsanso imalemala. Chipangizo chikamalandira zinthu chimabweza timauthenga totsimikiza kuti zafika, ndipo wotumizayo amadikira timauthengato asanapitirize. Timauthengati timadutsa m'kanjira kodzaza komweko, n'kuima pamzere mu rauta kumbuyo kwa zithunzi, ngati wogula machesi amene watsekerezedwa ndi wogula katundu wa mwezi wonse. Vidiyo imaimaima, mawu a pa WhatsApp amadukaduka, ndipo kampani ya intaneti imanenedwa popanda chifukwa.

Vutoli limadziwika polemba lamulo ili pa kompyuta:

```
ping 8.8.8.8
```

Yankho likamabwera mofulumira mafoni onse atachotsedwa pa waifai, koma n'kuchedwa mpaka sekondi yathunthu foni imodzi ikabwezedwapo, wolakwa wapezeka.

Pa Windows, kuyatsa Metered connection kumaletsa kugawira ena, komanso kumachepetsa zambiri zimene kompyuta imadzitengera yokha. Kuzimitsiratu zokonzazo si nzeru, popeza ndi zimene zimatseka mipata yolowera akuba a pa intaneti. Kutumiza zithunzi kungaimitsidwe masana n'kuyatsidwa pogona. Marauta ena ali ndi SQM, imene imasunga liwiro lotumiza m'munsi pang'ono mwa malire ake kuti mzere usatalike. Zithunzi zimapitabe, koma timauthenga ting'onoting'ono tija sitidikiranso.