Voliteji imene dayodi imabadwa nayo

Mu 1940, Russell Ohl wa ku Bell Labs ku America ankayesa kachidutswa ka silikoni kamene kanali ndi mng'alu pakati. Kuwala kukakagwera, singano ya mita inkadumpha. Pofufuza kunapezeka kuti mbali ziwiri za mng'aluwo zinali ndi zosakaniza zosiyana, ndipo zodabwitsazo zinkachitikira pamalire pake. William Shockley ndiye anadzafotokoza malirewo ndi masamu mu 1949. Malire otere ndiwo ali m'kati mwa dayodi wamba, monga 1N4007, kakuda ka mzere wotuwa kumapeto kamene okonza mawailesi amasunga m'tizitini. Kasanalumikizidwe ku batire ina iliyonse, m'kati mwake muli kale voliteji.

Silikoni yopanda chosakaniza sidutsitsa bwino magetsi. M'kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse muli maatomu pafupifupi 5 × 10²², koma pa kutentha kwa madigiri 27 maelekitironi omasuka amangokhala cha m'ma 10¹⁰. Ndiye opanga amathiramo zinthu zina mwadala. Atomu ya silikoni ili ndi maelekitironi anayi kunja kwake, pomwe ya fosiforasi ili ndi asanu, choncho imodzi imatsala yopanda chogwira n'kumangoyendayenda. Mbali yothiridwa fosiforasi imatchedwa n. Atomu ya boroni ili ndi atatu okha, ndipo imasiya malo opanda mwini, otchedwa bowo. Elekitironi yoyandikana nalo ikalowamo, bowolo limasamukira kumene yachokerako, motero limayenda ngati kanthu ka chaji ya pozitivu. Mbali imeneyi ndi p.

Sikuti amamata zidutswa ziwiri ayi. Mwala wake ndi umodzi, zosakaniza zokha ndizo zimasintha pamalire.

Titenge dayodi imene mbali ya p ili ndi maatomu a boroni 10¹⁷ m'kabokosi kaja, ndipo mbali ya n ili ndi a fosiforasi 10¹⁶. Manambalawa akumveka aakulu, koma fosiforasiyo ndi atomu imodzi pa maatomu a silikoni 5 miliyoni. Ku n kuli maelekitironi omasuka 10¹⁶. Nanga ku p? Pa kutentha kumeneku, chiwerengero cha mabowo kuchulukitsa ndi cha maelekitironi chimakhala 10¹⁰ kuchulukitsa ndi 10¹⁰, komwe ndi 10²⁰. Popeza mabowo alipo 10¹⁷, maelekitironi ku p alipo 1,000 okha.

Kusiyana kotere sikungakhale chete. Kutentha kumagwedeza maelekitironi nthawi zonse, ndipo amamwazikira kumene kuli ochepa: a ku n amawolokera ku p, mabowo a ku p nawo amawolokera ku n. Akakumana, elekitironi imagwera m'bowo, zonse ziwiri n'kuleka kunyamula magetsi.

Apa ndipo pagona nkhani. Elekitironi imachoka, koma atomu ya fosiforasi imene yaitaya siingasunthe, chifukwa ndi yomangika m'mwalamo. Imatsala pomwepo ili ndi chaji ya pozitivu. Tsidya linalo, atomu ya boroni imene yalandira elekitironi imatsala ili ndi chaji ya negetivu. Motero pamalire pamabadwa kachigawo kouma, komwe onyamula magetsi atha, mwangotsala machaji osasuntha, pozitivu uku negetivu uko. Machajiwa amabweretsa mphamvu yokankha imene imabweza maelekitironi ku n ndi mabowo ku p. Pamene ambiri akuwoloka, kachigawoko kamakula, mphamvu yobweza nayo imakula, mpaka owoloka chifukwa cha kumwazikana alingane ndi obwezedwa. Kuyenda sikuleka, koma opita ndi obwera amafanana, ndiye karenti yonse ndi ziro.

Kusiyana kwa voliteji pakati pa mbali ziwirizi, zinthu zikakhazikika chonchi, ndiko voliteji yobadwa nayo. Imawerengedwa motere:

Vbi = (kT/q) × ln(Na × Nd / ni²)

Chigawo cha kT/q chimayimira kugwedezeka kobwera ndi kutentha, ndipo pa madigiri 27 ndi mavoliti 0.0259. Na ndi boroni, Nd ndi fosiforasi, ni ndi 10¹⁰ uja. M'kati mwa mabulaketi muli 10³³ kugawa ndi 10²⁰, zomwe ndi 10¹³. Logarithimu yachilengedwe ya 10¹³ ndi 29.93. Kuchulukitsa ndi 0.0259 kumapereka mavoliti 0.775.

Nambala ya 10¹³ si yachilendo: ndi maelekitironi 10¹⁶ a ku n kugawa ndi 1,000 a ku p. Ntchito ya volitejiyi ndi kusunga kusiyana kumeneko kuti kusathe. Kuti mbali ina ikhale ndi ochuluka kakhumi kuposa inzake pamafunika mamilivoliti pafupifupi 60, ndipo apa kuchulukitsa kakhumi kwachitika ka 13. Ndi chifukwa chake madayodi a silikoni sasiyana kwambiri. Wopanga atawonjezera fosiforasi kakhumi, voliteji ingangokwera kuchoka pa 0.775 kufika pa 0.835.

Kukula kwa kachigawo kouma kumapezeka ndi lamulo ili:

W = √[(2ε × Vbi / q) × (1/Na + 1/Nd)]

Kwa silikoni, ε ndi 1.04 × 10⁻¹² F/cm, ndipo q, chaji ya elekitironi imodzi, ndi 1.6 × 10⁻¹⁹ C. Bulaketi yoyamba imatuluka pafupifupi 1.0 × 10⁷, yachiwiri 1.1 × 10⁻¹⁶. Zikachulukitsidwa zimapereka 1.1 × 10⁻⁹, ndipo muzu wake ndi masentimita 3.3 × 10⁻⁵, kapena kuti mamaikiromita 0.33. Tizigawo totere tingafunike pafupifupi 200 kuti tifike kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu.

Malirewo sali pakati penipeni pa kachigawoka, ndipo ophunzira ambiri amaphonya apa pojambula. Chaji ya pozitivu ku n iyenera kulingana ndi ya negetivu ku p. Popeza fosiforasi ndi yotalikirana kakhumi kuyerekeza ndi boroni pa chiwerengero, mbali ya n iyenera kuuma mtunda wautali kakhumi kuti machaji akwanirane. Zotsatira zake ndi mamaikiromita 0.30 ku n ndi 0.03 yokha ku p. Kachigawo kouma kamalowerera nthawi zonse kumbali yothiridwa pang'ono.

Voliteji yosakwana ndi imodzi yomwe imaoneka yonyozeka, koma yapanikizidwa pa kamtunda kakang'ono zedi. Mphamvu yokankha ija imafika pachimake pamalire penipeni, ndipo ndi 2 × Vbi / W, pafupifupi mavoliti 47,000 pa sentimita. Mphamvu imeneyi ndi imene imagwira ntchito m'masola ofala pamadenga: kuwala kukamasula elekitironi n'kusiya bowo pafupi ndi malire, elekitironi imakankhidwira ku n, bowo ku p.

Masamu onsewa akuganiza kuti zosakaniza zimasintha mwadzidzidzi pamalire ndiponso kuti kachigawoko ndi kouma kotheratu. M'madayodi enieni kusinthako kumachitika pang'onopang'ono, ndiye manambala amasunthako. Kutentha nakonso kumawasintha: kukakwera, ni imakula msanga, voliteji yobadwa nayo n'kutsika ndi mamilivoliti ochepera pang'ono awiri pa digiri iliyonse.

Tsono mutatenga mita n'kuika pa miyendo iwiri ya dayodi, kodi mungaone 0.775? Simungaone kanthu, mita ikuonetsani ziro. Pamene chitsulo cha mwendo chakhudzana ndi silikoni pamabadwanso mavoliteji ena, ndipo mukaphatikiza onse mozungulira amafafanizana ndendende. Zikanapanda kutero, dayodi ikanayatsa babu popanda batire, kuwala kapena kusiyana kwa kutentha, zomwe malamulo a mphamvu salola. Akatswiri amaipeza mozungulira, poyesa m'mene kapasitansi ya malire imasinthira akaika voliteji yobwerera m'mbuyo. Ndipo nambala ya pakati pa 0.5 ndi 0.7 imene mita imaonetsa mukaitembenuzira pa chizindikiro cha dayodi musaisokoneze ndi voliteji yobadwa nayo. Imeneyo ndi voliteji imene batire ya m'mitamo ikuika kuti ikankhe karenti ya pafupifupi miliampeya imodzi kudutsa malirewo.