Ntchito ya kunyumba yosafuna buku, nyali kapena cholembera

Aphunzitsi, mukauza ophunzira kuti “mukalembe ziganizo khumi kunyumba”, pali zinthu zingapo zimene mwapempha ngakhale simunazitchule. Mwapempha kuwala, pamene kuno dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko ndipo mwana amakhala asanamalize kutunga madzi kapena kutsekera mbuzi. Mwapempha kope, cholembera ndi poti akhale. Nthawi zambiri mwapemphanso munthu wamkulu wodziwa kuwerenga woti amuthandize akakakamira. M'mawa mwake mukachonga ntchitoyo, malikisi amene mukupereka amakhala a pakhomo pamene mwanayo akuchokera osati a zimene iye wamva m'kalasi.

Ife ophunzitsa chiyankhulo tili ndi mwayi umene anzathu a maphunziro ena alibe kwenikweni: chimene timaphunzitsa chimayankhulidwa pakhomo paliponse. M'gawo lino titsata phunziro limodzi kuti tione momwe mwana angatengere ntchito kupita nayo kwawo ndi kubwera nayo m'mutu mokha.

Tiyerekeze kuti muli ndi ophunzira 80 a Sitandade 5, kapena Giredi 5 monga amanenera ku Zambia, ndipo lero mwaphunzitsa kupereka malangizo. Mwagwiritsa ntchito kaphikidwe ka nsima. Pabolodi pali aneni olamula monga “terekani”, “thirani”, “vundulani” ndi “omolani”, komanso mawu osonyeza ndondomeko: “poyamba”, “kenaka”, “pomaliza”. Ntchito ya kunyumba ikhale iyi: “Madzulo ano mukaonerere munthu akugwira ntchito ina iliyonse, kupatula kuphika nsima. Mawa mudzauze mnzanu momwe angagwirire ntchitoyo m'masitepe asanu, sitepe imodzi pa chala chimodzi.”

Mawu alionse m'lamuloli ali ndi chifukwa chake. Nsima taichotsa chifukwa mukaisiya, ana onse adzangokubwezerani zimene munalemba pabolodi, ndipo phunziro silidzasuntha pamene munalisiya. Tanena kuti “munthu” osati “amayi anu” kapena “makolo anu” chifukwa ena akuleredwa ndi agogo, ena ndi achemwali awo, ndipo ena amagonera pasukulu. Tanena kuti akaonerere osati akafunse, popeza wamkulu amene wangoweruka kumunda sangakhale pansi kuyankha mafunso a mwana, koma ntchito ndiye agwirabe, mwanayo n'kumaona. Zala zisanu zikulowa m'malo mwa kope. Masitepe akapitirira pamenepo ambiri amaiwala a pakati, ndipo akachepa mawu akuti “kenaka” sapeza pogwira ntchito.

Musapereke ntchitoyi belu litalira kale. Sungani mphindi zisanu zomaliza, itanani wophunzira mmodzi ayesere pamaso pa anzake ndi ntchito yodziwika ngati kusesa m'kalasi, akupinda chala pa sitepe iliyonse. Kenaka wina abwereze lamulo lonse m'mawu akeake. Popeza palibe cholemba chimene akupita nacho, chimene sanachimvetse pa nthawiyo sakachipezanso kwina.

Tsopano tione zimene zimabwera m'mawa. Tinene kuti mtsikana wina anaonerera agogo ake akufutsa nkhwani, ndipo akuuza mnzake kuti: “Poyamba thyolani masamba anthete. Kenaka asadzuleni. Awiritseni pang'ono, musawapsetse. Mukawaphula, ayanikeni padzuwa. Akauma, asungeni m'chikwatu.”

Tamvetserani bwino zimene mwanayu wabweretsa. Dzulo munaphunzitsa aneni othera ndi “-ani”, koma iye akunena “asadzuleni” ndi “ayanikeni”. Dzina lakuti masamba sakulitchulanso, m'malo mwake waika “a-” kumayambiriro kwa mneni, ndipo mathero asintha kuchoka pa “-ani” kukhala “-eni”. Timati “yanikani masamba” koma “ayanikeni”, “tsukani mphika” koma “utsukeni”. Wabweretsanso lamulo loletsa, “musawapsetse”, ndi kaphatikizo “-ka-” kosonyeza kuti china chiyambe chachitika, m'mawu akuti “mukawaphula” ndi “akauma”. Zitatu zonsezi simunaziphunzitse. Mwanayo amaziyankhula tsiku ndi tsiku koma sanaziikepo mtima. Sankhanipo chimodzi chokha, mwina kusintha kwa “-ani” kukhala “-eni”, chikhale mutu wa lero. Zinazo muzisunge. Apa ndi pamene ntchito ya kunyumba yakuzira phunziro, chifukwa zitsanzo za lero zachokera m'kamwa mwa ophunzira.

Funso limene aphunzitsi ambiri amafunsa ndi la kuchonga. Simungamvetsere ana 80 mmodzimmodzi, ndipo palibe chifukwa choyesera. Akhale awiriawiri. Woyamba anene masitepe ake kwa mphindi ziwiri pamene mnzake akuchita ndi manja zimene akuuzidwa, kenaka asinthane. Kuchita ndi manjaku ndiko kumachonga: wonena akalumpha sitepe, mnzake amaima n'kufunsa kuti, “Ndiyanike bwanji ndisanaphule?” Inu muziyenda n'kumvetsera magulu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lina mudzayambire mbali ina ya kalasi. Akatha, aliyense alembe masitepe ake m'kope momwemo m'kalasi, mmene muli kuwala ndiponso inu muli pafupi. Zonsezi zimadya mphindi pafupifupi khumi ndi ziwiri.

Pali zizindikiro zokuuzani kuti ntchito sinayende. Mukamva ana ambiri akunena kuti “agogo anathyola masamba, kenaka anawawiritsa”, dziwani kuti akusimba nkhani, sakulangiza. Anaonereradi, koma kusiyana kwa kufotokoza zimene zinachitika ndi kulamula sikunawalowe. Musawadzudzule. Lembani chiganizo chimodzi chotere pabolodi, onse pamodzi achitembenuze chikhale lamulo. Mukapeza kuti benchi lonse likunena za kutsuka mbale ndi mawu ofanana, ndiye kuti agawana pa njira. Ulendo wina uzani mzere uliwonse dera lake: awa za kumunda, awa za pamsika, awa za pamjigo. Koma mwana amene sanaonerere aliyense n'kufotokoza ntchito imene amaigwira yekha, monga kukoleza mbaula, ameneyo wakwaniritsa cholinga. Mwa ine ndingamulandire popanda funso.

Samalani ndi mitu imene imaulula za pakhomo. “Mukafotokoze zimene mwadya madzulo” imaoneka ntchito yosavuta, koma mwana amene wagona ndi njala adzanama kapena adzajomba. N'chimodzimodzi kufunsa katundu wa m'nyumba kapena ntchito ya bambo.

Mawu amene ana adzabweretse sadzafanana. Wa ku Chipata, wa ku Angonia ndi wa ku Zomba akhoza kutchula chiwiya chimodzi ndi mayina osiyana, ndipo ena kwawo amayankhula Chiyao, Chitumbuka, Chinsenga kapena Chisena. Lembani mayinawo moyandikana pabolodi, muwaonetse limene limapezeka m'mabuku a sukulu, popanda kunena kuti la agogo awo ndi lolakwika. Ngati mumaphunzitsa Chingerezi kapena Chipwitikizi, njira ndi yomweyi koma muichepetse: akaonerere ndi kusunga masitepe m'chiyankhulo cha kwawo, kutembenuza kudzachitikire m'kalasi, ndipo masitepe atatu ndi okwanira, chifukwa aneni ambiri a ntchito za pakhomo adzafunika kuti muwapatse ndinu.

Ntchito ya mtundu uwu imanola kumvetsera, kuyankhula ndi kusanja mfundo, koma siphunzitsa kalembedwe. Mwana akhoza kunena “ayanikeni” bwinobwino n'kulemba “a yanikeni” molekanitsa. N'chifukwa chake mphindi zolemba m'kalasi zija musazidumphe ngakhale nthawi itakutherani. Ngati yachepa kwambiri, alembe masitepe awiri okha, inu muone m'makope khumi musanatuluke.