Vidiyo Yophunzitsa Iziyenda Ngati Nthano

Munthu amene akufufuza pa YouTube kamatidwe ka chubu cha njinga amakhala ali pamavuto: tayala laphwa, ulendo waima. N'chifukwa chake vidiyo yophunzitsa iyenera kuyalidwa ngati nthano. Iyambe ndi vuto, itsate njira mwandondomeko, ndipo ithe ndi zotsatira zooneka ndi maso. Tiyeni tione mmene vidiyo ya chubuyi ingajambulidwire.

M'masekondi khumi oyambirira, onetsani tayala lakuphwalo, chala chikulidina mpaka kulowa. Kenaka nenani lonjezo lanu m'chiganizo chimodzi: "Tipeza pamene pabooka, timatapo, njinga iyendanso." Ambiri amataya mphindi yathunthu akupereka moni ndi kudzifotokoza, ndipo woonera amachoka asanaphunzire kanthu. Mukatero, yalani zipangizo pansi kuti zioneke zonse: pampu, beseni la madzi, sandipepa, guluu ndi chigamba.

Pakati pa vidiyo, ntchito iliyonse ikhale ndi chithunzi chakechake, ndipo iyambitse yotsatira. Chotsani chubu, chipopeni, chiviikeni m'madzi. Apa sendezani foni pafupi kuti thovu lioneke likutuluka, pakuti ndi pomwe "wakubayo" akugwidwa. Ikani chizindikiro, pukutani paume, palani ndi sandipepa, pakani guluu wochepa. Nenaninso chifukwa chake: timapala kuti guluu agwire bwino pa labala. Amene wamva chifukwa saiwala msanga.

Pali malo awiri pomwe mavidiyo otere amalakwika. Poyamba ndi nthawi yodikira. Guluu amafunika mphindi ngati zisanu kuti aume asanalandire chigamba. Dulani nthawiyi pokonza vidiyo, koma inenedwe pakamwa kapena ilembedwe pachithunzi. Mukangodula osanena, woonera amata guluu ali wamadzi, ndipo chigamba chimatuka. Kachiwiri ndi zimene manja a katswiri amachita mwachizolowezi, monga kupapasa mkati mwa tayala kufufuza munga umene unaboola chubu. Mukapanda kuonetsa zimenezi, munga womwewo ubayanso chubu.

Pomaliza, musangonena kuti "zatheka". Viikaninso chubu m'beseni lomwe lija, foni ili pamalo omwe aja, kuti aliyense aone kuti thovu lasiya. Bwezerani chubu, popani tayala, lidineni ndi chala chomwe chija, kenaka wina akwere njingayo. Woonera akayerekeza chithunzi choyamba ndi chomaliza, amakhulupirira njira yanu, komanso amadziwa poonera ngati ntchito yakeyo yayenda bwino.

Musanatumize vidiyo, iyeseni. Patsani munthu amene sanamatepo chubu, aionere mawu atazimitsidwa, kenaka afotokoze ntchito zonse motsatana. Pamene wakakamira kapena kudumpha, dziwani kuti pakusowa chithunzi, ndipo pajambulidwenso.