Kutembenuza chiganizo cha "ngati" si kuchitsutsa

Pa mayeso a masamu ndi a lojiki, phunziro la kaganizidwe kolondola, pamabwera kawirikawiri funso lalifupi looneka losavuta. Wophunzira amapatsidwa chiganizo choyamba ndi "ngati", n'kuuzidwa kuti pa mayankho anayi asankhepo chiganizo chochitsutsa. Ambiri amathamangira yankho limene langosinthanitsa mbali ziwiri za chiganizocho, yakutsogolo kupita kumbuyo, yakumbuyo kubwera kutsogolo. Pepala likabwerako amapeza kuti alakwa, ndipo ena amadandaula kuti wochonga wawapondereza. Wochongayo amakhala atachonga bwino, ndipo chifukwa chake chimaoneka munthu akatsata funso limodzi mpaka pamapeto.

Funso likhale ili. Bambo analonjeza mwana wawo njinga, ndipo lonjezolo lalembedwa motere: "Ngati mwana wakhoza mayeso, ndiye kuti walandira njinga." Yankho A likuti, "Ngati mwana walandira njinga, ndiye kuti wakhoza mayeso." Yankho B likuti, "Ngati mwana sanakhoze mayeso, ndiye kuti sanalandire njinga." Yankho C likuti, "Ngati mwana wakhoza mayeso, ndiye kuti sanalandire njinga." Yankho D likuti, "Mwana wakhoza mayeso koma sanalandire njinga." Lolondola ndi D. Yankho A ndilo chiganizo chotembenuza, chimene mabuku a Chingerezi amachitcha konivesi, ndipo ndi limene limakola anthu ambiri.

Mu lojiki, kutsutsa kuli ndi tanthauzo limodzi lokhwima. Chiganizo chotsutsa chimayenera kukhala chabodza paliponse pamene choyambacho chili choona, ndi kukhala choona paliponse pamene choyambacho chili chabodza. Ziwirizi sizingakhale zoona pa nthawi imodzi, ndiponso sizingakhale zabodza pa nthawi imodzi. Pakapezeka malo amodzi okha pamene zagwirizana, ndiye kuti chachiwiricho si chotsutsa, ngakhale chitamveka chosiyana chotani.

Choncho funso loyamba kudzifunsa ndi lakuti: kodi lonjezo la bambo lingasweke liti? Zinthu zimene zingachitike ndi zinayi basi. Mwana akakhoza n'kulandira njinga, lonjezo lakwaniritsidwa. Mwana akakhoza koma njinga osaiona, bambo ananama. Zotsala ziwirizo ndi zimene zimasokoneza mitu. Mwana akalephera ndipo osalandira njinga, palibe amene angawaimbe mlandu bambowo, chifukwa sanalonjeze kanthu kwa mwana wolephera. Mwana akalephera koma bambo n'kumugulirabe njingayo pomumvera chisoni, kapena poona kuti kusukulu n'kutali, sananamenso. Iwo sananene kuti wolephera sadzakwera njinga. Ananena za wokhoza yekha. Lonjezo limasweka pa njira imodzi yokha mwa zinayi: pamene mbali ya "ngati" yachitika koma mbali ya "ndiye kuti" sinachitike.

Kamvedwe aka si kadzulodzulo. Filo, katswiri wa lojiki wa Chigiriki amene anakhalapo cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti chiganizo cha "ngati" chimakhala chabodza pokhapokha chikayamba ndi choona n'kuthera pa chabodza. Anzake ena ankatsutsana naye, koma kamvedwe kake ndi kamene mabuku a masamu amagwiritsa ntchito lero. Mabukuwa amaimira mbali yoyamba ndi P ndipo yachiwiri ndi Q. Chiganizo chonse amachilemba P → Q, chotembenuza chake Q → P, ndipo chotsutsa chake P ∧ ¬Q, kutanthauza kuti P wachitika ndipo Q sanachitike.

Tsopano yankho A liyesedwe pa njira zinayi zija. Mwana wakhoza, walandira njinga: lonjezo ndi loona, ndipo A, amene akuti wolandira njinga wakhoza, ndi woonanso. Apa pokha mlandu watha, chifukwa ziganizo ziwiri zakhala zoona pamodzi. Mwana walephera, sanalandire njinga: lonjezo silinasweke, ndipo A sanaswekenso, popeza palibe njinga imene yaperekedwa kwa wolephera. Zagwirizananso kachiwiri. Zimasiyana pa njira ziwiri zotsalazo: mwana wokhoza wopanda njinga amaswa lonjezo koma saswa A, pamene mwana wolephera wokhala ndi njinga amaswa A koma saswa lonjezo. Chotembenuza chimasiyana ndi chiganizo choyamba pa njira 2 mwa 4. Chotsutsa chimayenera kusiyana nacho pa zonse 4.

Yankho D limapambana mayeso amenewa. Ndi loona pamene mwana wakhoza koma sanalandire njinga, pomwe paja lonjezo lasweka. Pa njira zitatu zinazo D ndi wabodza, ndipo m'pamene lonjezo lili loona.

Mayankho B ndi C safuna nthawi yambiri. B amanena zomwezo zimene A akunena, mawu okha ndiwo asintha: onse awiri amasweka mwana wolephera akalandira njinga basi. C amakopa anthu ochenjerako, chifukwa muli mawu okana, koma mwana akalephera mayeso C ndi lonjezo loyamba lija amakhala oona onse awiri. Pali njira yachidule yowachotsera onse atatu nthawi imodzi. Chiganizo cha "ngati" cholumikiza mbali ziwirizi, kaya zatembenuzidwa kaya zakanidwa, chimakhala choona katatu ndi chabodza kamodzi. Chotsutsa chake chimayenera kukhala chabodza katatu ndi choona kamodzi. Ndiye kuti pa funso la mtundu uwu, yankho loyambanso ndi "ngati" silingakhale lolondola. Lolondola limalumikiza mbali zake ndi "ndipo" kapena "koma".

Nanga n'chifukwa chiyani anthu anzeru zawo amagwabe mu msampha wa chotembenuza? Chifukwa chimodzi n'chakuti nthawi zina chotembenuza chimaoneka ngati chagwiradi ntchito ya kutsutsa. Chiganizo chakuti "Ngati nambala imagawika ndi 4, ndiye kuti imagawika ndi 2" ndi choona. Chotembenuza chake, "Ngati nambala imagawika ndi 2, ndiye kuti imagawika ndi 4," ndi chabodza, chifukwa 6 imagawika ndi 2 koma sigawika ndi 4. Wophunzira amene waona zitsanzo zingapo zotere, china choona china chabodza, amayamba kukhulupirira kuti kutembenuza kumagubuduza choonadi nthawi zonse. Zinangochitika kuti zitsanzozo zinali choncho. Chiganizo chakuti "Ngati nambala imathera ndi 0, ndiye kuti imagawika ndi 10" ndi choona, ndipo chotembenuza chake ndi choonanso. Chakuti "Ngati nambala imagawika ndi 2, ndiye kuti imagawika ndi 3" ndi chabodza chifukwa cha 4, ndipo chotembenuza chake ndi chabodzanso chifukwa cha 9. Kudziwa kuti chiganizo chonena za manambala onse ndi choona kapena chabodza sikumuuza munthu kalikonse za chotembenuza chake. Chimenecho chimafuna umboni wakewake.

Zitsanzo za manambalazi zili ndi kanthu kena kofunika kukasamala. Zimanena za nambala iliyonse, osati imodzi. Chotsutsa chake chimayamba ndi "pali": "Pali nambala imene imagawika ndi 2 koma sigawika ndi 4." Sichinena kuti manambala onse ogawika ndi 2 sagawika ndi 4, popeza 8 imagawika ndi zonse ziwiri. Nambala imodzi yokha, monga 6 ija, imakwanira kugwetsa lamulo lonse.

Chifukwa chachiwiri chili m'kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku. Bambo akanena kuti "ukakhoza ndikugulira njinga," mwana amamvanso kuti "ukalephera njinga kulibe," ndipo nthawi zambiri bamboyo amatanthauzadi zonse ziwiri. Kumva choncho pakhomo si kulakwa. Koma kumazoloweretsa mutu kuona mbali ziwiri za chiganizo ngati zolemera mofanana, moti munthu sasamalanso kuti ndi iti imene ili patsogolo. Funso la mayeso limawerenga zimene zalembedwa zokha. Wolemba akafuna kuti chiganizo chigwire mbali zonse ziwiri amalemba P ↔ Q, chimene ndi chiganizo china.

Kuti vutoli ndi lozama zinaoneka mu kafukufuku amene Peter Wason, katswiri wa ku Britain wofufuza kaganizidwe ka anthu, anafalitsa mu 1966. Anthu amaonetsedwa makadi anayi, lililonse lili ndi lemba mbali imodzi ndi nambala mbali inayo. Pamwamba pakuoneka, mwachitsanzo, E, K, 4 ndi 7. Lamulo likuti ngati khadi lili ndi vawelo, ndiye kuti kuseri kwake kuli nambala yogawika ndi 2. Ndi makadi ati oyenera kuwavundukula kuti munthu adziwe ngati lamulo lasweka? Ambiri amasankha E ndi 4, kapena E yekha. Oyenera ndi E ndi 7. Kuseri kwa 4 kukhale vawelo kapena lemba lina, lamulo silisweka. Wovundukula 4 akuyesa chotembenuza, chakuti nambala yogawika ndi 2 iyenera kukhala ndi vawelo, zimene lamulo silinanene. Koma kuseri kwa 7 kukapezeka vawelo, lamulo lagwa, chifukwa P wachitika ndipo Q sanachitike. Khadi limene anthu ambiri amalisiyalo ndi limene likanaonetsa chotsutsa.

Kusiyana kumeneku kumapitirira kunja kwa chipinda cha mayeso. Munthu akanena kuti aliyense wodwala malungo amatentha thupi, womutsutsa ayenera kupeza munthu wa malungo amene thupi silikutentha. Kuonetsa kuti pali anthu otentha thupi amene alibe malungo ndi kugwetsa chotembenuza, pamene zimene mnzakeyo ananena sizinakhudzidwe n'komwe. Mikangano yambiri imatalika chifukwa wina akugwetsa chiganizo chimene mnzake sananene.

Wophunzira amene wakayikira yankho lake ali ndi njira yodziyesera asanapereke pepala. Aganize nkhani imene mbali zonse ziwiri zachitika, mwana wakhoza ndipo njinga walandira. Pamenepo chiganizo choyamba ndi choona, choncho yankho lolondola liyenera kukhala labodza. Aganizenso nkhani imene mbali yoyamba sinachitike; apanso yankho lolondola liyenera kukhala labodza. Chotembenuza chimalephera pa kuyesa koyamba komwe, ndipo n'chifukwa chake wochonga sachipatsa malikisi.